Kuyenda ndi Ana: Ndani Alipira, Ndani Akwera Ulere

Kholo likamakonzekera ulendo limawerengera ndalama ya akuluakulu bwinobwino, koma likafika pa ana limangoti "awa ndi ana, tikaona konko." Konko n'kumene ndalama imathera. Amene amanyamula anthu ali ndi njira ziwiri zowerengera mwana. Ena amayang'ana mpando: mwana akakhala pampando alipira, akakhala pamiyendo salipira. Ena amayang'ana zaka, ndipo zaka zake ndi za patsiku limene mwanayo akukwera, osati tsiku limene munagula tikiti. Musanatulutse ndalama, dziwani kuti chimene mukukweracho chimatsata njira iti.

Kuti zimveke, titsatira banja limodzi lachitsanzo. Mayi akuchokera ku Ntcheu ndi ana atatu kukaona bambo amene akugwira ntchito ku Leicester, m'dziko la Britain, ndipo akakhala kumeneko masabata asanu ndi limodzi. Woyamba kubadwa ali ndi zaka 12, wachiwiri zaka 7, ndipo wamng'ono ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi 11. Akwera minibasi, ndege, sitima ya pansi pa nthaka ya ku London, kenako sitima yamtunda wautali. Ana ndi omwewo, koma paliponse awerengedwa mosiyana. Ngakhale ulendo wanu utakhala wongofika ku Mzuzu kapena ku Joni, mafunso ofunsa ndi omwewa.

Minibasi ndi basi: mumagula mpando

Kwathu kuno kondakitala safunsa kalata yakubadwa. Iye amawerenga mitu imene yakhala pamipando, chifukwa madzulo bwana wake akufuna ndalama yathunthu. N'chifukwa chake mwana wapamiyendo nthawi zambiri amakwera ulere, ndipo mwana wazaka zitatu amene mwamukhazika pampando pake amalipitsidwa ngati munthu wamkulu. Ichi ndi chizolowezi, choncho chimasiyana malinga ndi msewu, kondakitala ndi nyengo. Pa Khirisimasi kapena mafuta akasowa, chifundo chimachepa.

Mkangano umabuka minibasi itanyamuka kale. Mayi wakhazika mwana wazaka 7 pambali pake poti panali malo, ndipo pasiteji yotsatira pakwera anthu awiri. "Mayi, mwanayo mumunyamule kapena mumulipirire," akutero kondakitala. Pamiyendo pali kale wamng'ono, kumapazi kuli chikwama. Mayi alibe pothawira, ndipo alipira mtengo umene kondakitala watchula.

Nkhaniyi imayenera kutha phazi lanu lisanaponde m'galimoto. Aimikeni ana onse poonekera, munene momveka: "Akondakitala, tilipo anayi. Uyu akhala pamiyendo, awiriwa akufuna mipando. Zonse pamodzi zingati mpaka Lilongwe?" Mukambirane ndi kondakitala weniweni, osati mnyamata woitanira, chifukwa woitanira amavomera chilichonse kuti mukwere ndipo amatsala padepoti. Mukagwirizana, bwerezani mtengowo mokweza kuti okwera anzanu amve. Ngati mukufuna kuchotseredwa pa mpando wa mwana, nthawi yopempha ndi imeneyi, minibasi ikadali yosadzaza ndipo akukufunani.

Tiyerekeze kuti mpando ndi K15,000. Mayi, wazaka 12 ndi wazaka 7 akakhala aliyense pake, ndi K45,000. Wina anganene kuti wazaka 7 akhale pamiyendo pa mkulu wake, mupulumutse K15,000. Paulendo wa mphindi makumi awiri m'tauni zimatheka. Kuchokera ku Ntcheu kufika ku Lilongwe ndi maola oposa awiri, ndipo mwana wazaka 12 sangapirire kulemera kwa mng'ono wake nthawi yonseyo. Miyendo imachita dzanzi, onse amayamba kulira, ndipo dalaivala akamanga mabuleki mwadzidzidzi palibe wogwira mnzake. Uphungu wanga ndi wakuti munthu wamkulu mmodzi anyamule mwana mmodzi yekha, ndipo mwana amene wayamba sukulu agulidwe mpando ulendo ukapitirira ola limodzi. Musakhale kutsogolo pafupi ndi dalaivala muli ndi mwana pamiyendo, ngakhale atakuitanirani mwaulemu. Galimoto ikawomba chinthu, manja a mayi sangathe kugwira mwana, ndipo galasi lili pomwepo.

Mabasi akuluakulu ogulitsa matikiti paofesi amakhala ndi malamulo awoawo, ndipo kampani iliyonse imaika malire ake a zaka. Musatengere zimene mnzanu anakuuzani za kampani ina. Funsani paofesipo zinthu zitatu: mwana amakhala pamiyendo mpaka zaka zingati, wofuna mpando amalipira zonse kapena theka, ndiponso ngati mwana wosalipira ali ndi gawo la katundu. Funso lachitatuli ambiri amaliiwala, chonsecho mwana wamng'ono ndiye amakhala ndi katundu wambiri. Zimene mwagwirizana zilembedwe patikiti, chifukwa wogulitsa paofesi si amene akaime pakhomo la basi. Paulendo wa ku Joni wodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, umene umatenga pafupifupi masiku awiri, muganizire mofatsa musanavomere ulere wapamiyendo. Usiku wonse mwana ali pachifuwa panu, inu simugona, ndipo m'mawa mukufunika maso kuti muyang'anire mapasipoti ndi katundu pachipata.

Pepala lotsimikiza zaka

Mukangotuluka m'dziko, maso a kondakitala amasiya kugwira ntchito ndipo pepala ndilo limalankhula. Mwana aliyense, ngakhale wa mwezi umodzi, amafunika pasipoti yakeyake, ndipo kumene kukufunika viza amalipiriridwa yakeyake. Kalata yakubadwa imaperekedwa ndi ofesi ya kalembera wa dziko, ndipo ndi bwino kuitenga nthawi ikadalipo, osadikira kuti ulendo uyandikire. Ngati kholo limodzi likuyenda lokha ndi ana, kapena mwana akuyenda ndi azakhali kapena agogo, nyamulani kalata yachilolezo yosainidwa ndi kholo lotsalalo pamodzi ndi kope la chiphaso chake. Mwina sakufunsani, koma akakufunsani mulibe, basi siidikira.

Onetsetsani kuti tsiku lobadwa ndi limodzi pa kalata yakubadwa, pa pasipoti ndi pa tikiti. Mayina nawonso alembedwe patikiti ndendende monga alili m'pasipoti. Paulendo wam'dziko momwe muno, ngati mwana wanu ndi wathupi lalikulu kuposa zaka zake, buku lake lakusikelo limathandiza kuthetsa mkangano paofesi ya basi.

Ndege: malire ndi zaka 2 ndi zaka 12

Makampani ambiri a ndege amagawa anthu patatu, ndipo mukamagula tikiti pafoni kapena pakompyuta mudzaona mawu awa: Infant ndi mwana amene sanakwanitse zaka 2, Child ndi wazaka 2 mpaka 11, ndipo Adult ndi aliyense amene wakwanitsa zaka 12. Choncho woyamba kubadwa m'banja lathuli, ngakhale ali kupulayimale, pandege ndi munthu wamkulu ndipo alipira mtengo wonse.

Khanda silikwera ulere paulendo wakunja. Limafunika tikiti yakeyake, imene kawirikawiri imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa munthu wamkulu, kuwonjezapo misonkho ina. Silipatsidwa mpando. Limakhala pamiyendo, ndipo ponyamuka ndi potera ogwira ntchito m'ndege amakupatsani kalamba kakang'ono kolumikiza ku lamba wanu. Munthu wamkulu mmodzi amaloledwa khanda limodzi lapamiyendo. Mayi wamapasa amene akuyenda yekha ayenera kulankhula ndi kampaniyo asanagule tikiti, chifukwa mwana wachiwiriyo adzafunika mpando wolipira, ndipo makampani ena amafuna pakhale munthu wamkulu wachiwiri. Ndege zamtunda wautali zimakhala ndi tibedi ta makanda timene amakoleka kukhoma kutsogolo kwa mipando ina, koma ndi tochepa, timapemphedwa pasadakhale, ndipo ndi ta ana opepuka. Mwana amene watsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri nthawi zambiri sakwanamo.

Wazaka 7 apatsidwa mpando wake ndi katundu wofanana ndi wa akuluakulu, ndipo pamatikiti ambiri amachotseredwako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Apa m'pamene makolo amakhumudwa akaona chiwerengero chomaliza. Kuchotserako kumakhudza mtengo wa ulendo wokha, pomwe ndalama imene mumalipira ili ndi misonkho ndi zolipiritsa zina zimene zambiri sizichotseredwa. Tiyerekeze kuti tikiti ya wamkulu ndi madola 1,200, ndipo mwa amenewa 700 ndi mtengo wa ulendo, 500 ndi misonkho ndi zina. Mwana achotseredwa madola 175 pa 700 aja, alipira pafupifupi 1,025. Amene amayembekeza theka aperewedwa ndi madola oposa 400. Matikiti ena otsika mtengo kwambiri sachotsera mwana chilichonse.

Tsopano vuto lenileni la banja lathuli ndi wamng'ono uja. Akunyamuka pabwalo la ndege la Kamuzu ali ndi chaka ndi miyezi 11, koma pobwerera, patatha masabata asanu ndi limodzi, adzakhala atakwanitsa zaka 2. Pobwererapo lamulo silidzamulola kukhala pamiyendo. Makampani amasiyana pothetsa nkhaniyi. Ena amalipiritsa mtengo wa mwana paulendo wobwerera wokha, ena paulendo wonse. Chosasiyana n'chakuti mukangogula tikiti ya khanda yopita ndi kubwerera osanena, vuto lidzakupezani pabwalo la ndege tsiku lobwerera, ndipo mpando wogula tsiku lomwelo ndi wodula, mwinanso ndege idzakhala itadzaza. Uzani wogulitsa tikiti tsiku lobadwa la mwana, mumufunse kuti pobwerera mwanayo walembedwa monga ndani, ndipo muone ndi maso anu papepala. Ngati masiku a ulendo angathe kusuntha, kubwerera tsiku lobadwa lisanafike kumapulumutsa ndalama zambiri. Mwana amene akuyandikira zaka 12 mumufunsirenso chimodzimodzi.

Kumbukiraninso kuti kuchokera ku Lilongwe kulibe ndege yopita ku London mwachindunji. Ambiri amasinthira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo chigawo chachiwiri chokha ndi maola pafupifupi asanu ndi atatu. Mayi amene ali yekha ndi ana atatu, ngati thumba likulola, saononga ndalama akagulira wamng'onoyo mpando kuyambira popita.

Ku London: malire ndi zaka 11

Atatera ku Heathrow, bambo awachingamira, ndipo onse akwera sitima ya pansi pa nthaka ya mzere wa Piccadilly mpaka ku King's Cross St Pancras. Muno malire asinthanso. Ana osakwana zaka 11 amakwera ulere pamabasi a mu London, ndipo pasitima za pansi pa nthaka munthu wamkulu mmodzi amene walipira angathe kutenga ana otere mpaka anayi osalipira. Wazaka 7 ndi wamng'ono uja adutsa ulere. Gwiritsani ntchito chipata chachikulu cha m'mbali, chimene amadutsira a njinga za olumala ndi a katundu, chifukwa tizipata tating'ono timatseka msanga ndipo mwana angatsalire mbali ina.

Wazaka 12 ndiye wofunika kumukonzera. Ana azaka 11 mpaka 15 okhala kumeneko amakhala ndi khadi la chithunzi lotchedwa Zip, limene limawalola kukwera basi ulere ndi kulipira mtengo wa ana pasitima. Mlendo wamasabata ochepa ali ndi njira yachidule. Mugula khadi la Oyster, mupite ndi mwanayo kwa wogwira ntchito pasiteshoni, mupemphe kuti aikepo Young Visitor discount. Kwa masiku 14 mwanayo azilipira theka la mtengo wa akuluakulu. Mwanayo ayenera kukhalapo popemphapo. Mukangomupatsa khadi lanu lakubanki kuti agunditse pachipata, makinawo sadziwa zaka zake ndipo adula mtengo wa wamkulu. Khadi limodzi silidutsitsanso anthu awiri olipira. Koma ngati mukungodutsa mu London kamodzi monga banja ili, khadi la Oyster nalonso limagulidwa, choncho tikiti yapepala ya mwana yogula pamakina ingakhale yokwanira. Mabasi a mu London salandira ndalama yapamanja kuyambira mu 2014.

Sitima yamtunda wautali ndi khadi la banja

Pa St Pancras akwera sitima ya ku Leicester, ndipo apa mpofunika kusamala. Wazaka 7 amene wangodutsa ulere mphindi zochepa zapitazo tsopano ayenera kukhala ndi tikiti. Pasitima zamtunda wautali za ku Britain, ulere umathera pa zaka 5. Azaka 5 mpaka 15 amalipira theka, ndipo wazaka 16 ndi wamkulu. Motero wazaka 12, amene pandege anali wamkulu, wabwereranso kukhala mwana. Wosakwana zaka 5 amakwera ulere ndi munthu amene ali ndi tikiti, koma alibe mpando wakewake, ndipo sitima ikadzaza amabwerera pamiyendo. Kukwera opanda tikiti yoyenera kuli ndi chindapusa chimene ku England chinakwera kufika pa mapaundi 100 mu 2023, kuwonjezapo mtengo wa ulendowo.

Kwa mabanja kuli khadi lotchedwa Family & Friends Railcard, limene mu 2025 mtengo wake unafika pa mapaundi 35 pachaka. Pakhadi limodzi pangalembedwe mayina a akuluakulu awiri. Limachotsera gawo limodzi mwa magawo atatu kwa akuluakulu mpaka anayi, ndi magawo 60 pa 100 alionse pamtengo wa ana mpaka anayi. Sikofunika kuti anthuwo akhale apachibale, kotero mnansi kapena mnzanu wakutchalitchi angalowe nawo. Chofunika n'chakuti pagululo pakhale mmodzi mwa olembedwa pakhadi ndi mwana mmodzi amene ali ndi tikiti, ndipo onse ayendere limodzi.

Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze kuti tikiti ya wamkulu yopita ndi kubwerera ndi mapaundi 90, ya mwana 45. Popanda khadi, bambo ndi mayi alipira 180, ana awiri 90, wamng'ono ulere, zonse pamodzi 270. Ndi khadi, wamkulu aliyense alipira pafupifupi 60, awiri 120. Mwana aliyense alipira 18, awiri 36. Zonse ndi 156, ndipo tikaphatikiza 35 ya khadi ndi 191. Paulendo woyamba womwewo banja lasunga mapaundi 79, ndipo khadilo lidzagwirabe ntchito chaka chonse.

Koma si banja lililonse limene khadili limalipindulira, ndipo muyenera kuwerengera musanagule. Ngati ulendo ndi waufupi, wamkulu mapaundi 12 ndipo mwana 6, kholo limodzi ndi mwana mmodzi alipira 18 popanda khadi, ndipo ndi khadi alipira 8 ndi 2.40, zomwe ndi 10.40. Asunga 7.60 paulendo uliwonse, choncho ayenera kuyenda kasanu kuti ndalama ya khadi ibwerere. Mlendo amene akwera sitima paulendo waufupi kawiri n'kubwerera kumudzi angotayapo ndalama. Umu ndi mmene mungayesere tikiti iliyonse yotchedwa ya banja, kaya ndi ya basi, sitima kapena malo osangalalira: lembani papepala mtengo wa munthu aliyense payekhapayekha, muchotsemo ana amene akanakwera ulere kale, kenako muyerekeze ndi mtengo wa pamodziwo. Matikiti ambiri a banja amapangidwira akuluakulu awiri ndi ana awiri olipira. Mayi mmodzi wa ana aang'ono amene amakwera ulere akagula tikiti yotere amalipirira anthu amene palibe.

Pali njira ina imene makolo ambiri saidziwa. Tinene kuti tsiku lina mayi akuyenda ndi wamng'ono yekha. Mwanayo ndi waulere, choncho mayi alipira mapaundi 90 onse, chifukwa popanda mwana wa tikiti khadi siligwira ntchito. Koma malamulo a khadili amalola kugulira tikiti mwana wosakwana zaka 5. Mayi akatero alipira 60 yake ndi 18 ya mwana, zonse 78. Walipira zochepa ndi mapaundi 12, ndipo popeza mwanayo ali ndi tikiti, angathe kumusungitsira mpando wake.

Zimene zimasokoneza khadili ndi zochepa koma zimawawa. Choyamba ndi kuliiwala kunyumba, kapena kukhala nalo pafoni batire n'kutha. Woyendera matikiti amafuna kuona khadi pamodzi ndi matikitiwo, ndipo mukalephera kulionetsa amakutengani ngati mulibe tikiti yoyenera. China ndi kugawikana. Bambo akaganiza zobwerera msanga yekha kuti akalowe ntchito, tikiti yake yochotseredwayo siigwira chifukwa alibe mwana. Ngati mukudziwa kuti pobwerera simudzakhala pamodzi, gulani matikiti a mbali imodziimodzi, mugwiritse khadi pokhapo pamene gulu lili lathunthu. Pamaulendo oyambira ndi kuthera m'chigawo cha London ndi kum'mwera chakum'mawa kwa England, khadili siligwiranso ntchito m'mamawa anthu akamathamangira kuntchito, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kotero ulendo wokaona malo ndi ana uyambe nthawi imeneyo itadutsa. Pogula pafoni kapena pamakina, sankhani dzina la khadilo musanalipire, ndipo muone kuti mtengo watsikadi pa munthu aliyense, chifukwa mukalipira kale mtengo wonse sakubwezerani chifukwa choti khadi linali m'thumba.